Magetsi Oyamba Kukalonjera Akulu

Magetsi anafika pamudzi pa akazi anga, kuseri kwa msika wa Ulongwe, ine nditakhala kale pa chikamwini mpaka mutu kuyera. Kwathu ndi ku Utale, koma masiku ano ndikapitako ana amandifunsa kuti ndikufuna ndani. Sukulu ndinalekera panjira, osati chifukwa cha kuuma mutu iyayi, kungoti aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti tatopetsana mokwanira. Choncho za magetsi sindinaphunzire m'kalasi. Ndinaziphunzira pakhomo, mokwiya.

Muyambe mwamvetsa mmene nyumba zinakhalira, apo ayi nkhaniyi muiona ngati yabodza. Pamsewu pali golosale ya alamu anga aamuna, mwinimbumba, ndipo mita ya magetsi anaikhoma pakhoma la golosaleyo. Kuseri kwake kwenikweni ndi nyumba yathu, pafupi moti alamu akayetsemula m'golosale akazi anga amati pepani ali kukhitchini. Akazi angawo ndi chitsiriza mwa ana aakazi atatu. Achemwali awo aakulu, amene ine ndimati alamu aakulu, amakhala kumunsi kwenikweni, kupitirira khola la mbuzi, kupitirira mango, kufupi ndi dambo. Apakati amakhala chakumbali, kuseri kwa chulu, ndi amuna awo atelala, mkamwini mnzanga.

Mwinimbumba atanena kuti alola alongo ake kukoka magetsi kuchokera pa mita yake, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana. Ine, poti pakamwa panga sipakhala chete, ndinati: “Apa palibe chovuta. Waya ayambire kwathu kuno poti ndi pafupi, kenako apitirire kumunsi.”

Onse ananditembenukira ngati ndatukwana. Alamu aakulu anakonza mpango wawo, nandiyang'ana kuyambira kuzipatapata mpaka kudazi.

“Alamu,” anatero, “mbuzi ya Idi ikaphedwa pano, mbale yoyamba imapita kwa ndani?”

“Kwa inu.”

“Mlendo akafika, amayamba kulonjera ndani?”

“Inu nomwe.”

“Nanga magetsiwa ndi ndani kuti adumphe akulu? Anabadwa liti?”

Ndinayang'ana mwinimbumba kuti andithandize. Iye anali akuyang'ana nyerere. Ndinayang'ana akazi anga. Iwo ananditsina pantchafu. Basi mlandu unathera pomwepo: magetsi ayambe apita kumunsi akalonjere alamu aakulu, akachoka uko akhotere kuseri kwa chulu kwa apakati, ndiyeno akwere chitunda kubwerera kwa ife ang'ono, amene khoma lathu limatsala pang'ono kupsopsonana ndi mita.

Ntchito yokoka waya anaitenga atelala. Iwo amati za magetsi amazidziwa chifukwa ali mnyamata anagwirapo ntchito yaulonda pamalo ena ku Liwonde pomwe ankasungirapo mapolo. Anagula waya pamsika, uja wofiira ndi wakuda wolukanalukana, woonda ngati mtsempha wa nkhuku, umene anyamata amalumikizira masipika. Mpukutu umodzi sunakwane. Anagula wina, wamtundu wina, sunakwanenso. Chakumapeto, chigawo chobwera kwathu anachita kutolera zidutswa: china cha simbi yakufa, china sindikudziwa anachipeza kuti. Polumikiza ankangopota ndi zala, n'kukulunga jumbo, pamwamba n'kumanga mphira ya chubu cha njinga. Wayayo anayenda pa nsungwi, anakwera mu mango, anadutsa padenga la khola, ndipo anadutsanso pakhomo pathu penipeni popita kumunsi. Ndinkamuona tsiku ndi tsiku akundidutsa pamutu osandipatsa moni.

Tsiku loyatsa, alamu aakulu ndiwo anadina swichi, amayi n'kululutira. Kwawo babu linawala bwino ndithu. Kwathu linawalanso, ndisaname. Kungoti madzulo, nyumba zonse zikayatsa, lathulo linkafiira ngati diso la munthu wolawa kachasu. Titagula mababu amakono oyera aja, iwo sankafiira, koma atelala akangolumikiza simbi ankaphethira ngati mtsikana wamanyazi. Fani yomwe ndinagula ku Balaka inkazungulira moganizira, moti ntchentche inkatha kuterapo n'kupuma. Koma foni zinkatchaja bwinobwino, wayilesi inkalankhula, ndiye ndikadandaula aliyense ankati, “Madalawa satha kuthokoza. Foni yawo si iyo yadzadza?”

Ndikanangozisiya. Munthu wakula ndi koloboyi sangafe chifukwa cha babu lofiira. Koma akazi anga ali ndi matenda a shuga, aja ofika pobaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Mankhwala ake amabwera m'timabotolo, ndipo kuchipatala anatiuza kuti timene sitinatsekulidwe tizikhala pozizira, osati poumitsa ngati ayisi, koma pozizira. Kale tinkasunga mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa. Zinkathekako, koma amene anakhalapo kuno mwezi wa Okutobala akudziwa kuti dzuwa la kuno limaumitsa mchenga munthu asanabwere kumjigo. Mwana wathu wamkazi amene ali ku Joni atamva kuti kwafika magetsi, anatumiza filiji pa galimoto zija zonyamula katundu. Osati yaikulu. Yofika m'chiuno, yoyera, yonunkhira upya. Pafoni anandilangiza ngati ndine mwana wake: “Ababa, imeneyo ndi ya mankhwala a amayi. Musaikemo usipa.”

Tinailumikiza m'mawa wina anthu ali kudimba. Inalira bwino, hmmm, mkati n'kuzizira. Akazi anga anaikamo timabotolo tawo pa kambale, mtsuko uja n'kuupatsa nkhuku kuti zizimweramo.

Sipanapite masiku, filiji inayamba khalidwe. Inkati ikapuma n'kufuna kuyambanso, imvekere hmmm mokakamira ngati munthu wonyamula thumba lomukanika, babu n'kuphethira, kenako “tcha!” n'kukhala chete. Pakapita kanthawi iyesenso: hmmm, tcha! Kumbuyo kwake kotentha kosagwirika, mkati mofunda ngati m'khwapa. Tsiku lina izizire, tsiku lina ayi. Ndinkaiyang'anira ngati ng'ombe yodwala.

Atelala anabwera, anaizungulira, anaigogoda ndi chala. “Gasi watha,” anatero. “Za ku Joni zimenezi amatumiza zotha kale.”

Ndinaikweza pa kabaza mpaka pamsewu, pa minibasi mpaka ku Liwonde, kondakitala akundilipiritsa ngati ndakweza mkazi wachiwiri. Wokonza mafiliji anati tiisiye ikhazikike kaye poti yagwedezeka m'njira. Kenako anailumikiza. Inayamba kamodzi n'kamodzi, mwaulemu, ngati mwana wamwano akaona alendo. Tinakhala, tinacheza, ndinadya chimanga chootcha, filiji ikungozizira.

“Madala, filiji iyi ilibe vuto,” anatero wokonzayo. “Kwanuko magetsi ali bwino?”

“Foni zimatchaja,” ndinayankha, poti ndi zomwe aliyense ankandiyankha ine.

“Foni ndi foni. Kapezeni wamagetsi akaone mawaya.”

Nditabwera nayo n'kufotokoza, alamu aakulu anati wokonzayo ndi waulesi. Apakati anati mwina filiji sinazolowere nyengo ya kuno. Atelala, poona kuti nkhani ikulowera ku waya wawo, anati pakhomo pathu payenera kuti pali china chake, poti bwanji zinthu zimakana kwa ife tokha? Mawu amenewo anayenda. Pofika Lachisanu, amayi ena pamjigo ankanena kuti mkamwini wa ku Utale ali ndi zake zomwe anakwirira pakhomo, ndipo magetsi amaziopa. Ine! Munthu woti ngakhale mphini ndilibe, kupatula ya katemera.

Ndinapempha mwinimbumba kuti filiji ikakhale m'golosale. Anavomera, koma akazi anga anakana, ndipo sanalakwe. Mwinimbumba amatseka golosale nthawi ya swala iliyonse n'kupita kumzikiti, akapita kukaoda katundu amapita ndi makiyi m'thumba la mkanjo, ndipo m'mawa amatsekula dzuwa litakwera. Komanso tonse tinkadziwa kuti pakutha pa sabata mufilijimo mudzakhala modzadza zakumwa zogulitsa, chitseko chikungotsekulidwa ndi aliyense.

Ndiye tinapitiriza choncho, theka filiji theka mwayi. Ine ndinkaganiza kuti bola mankhwala ali m'bokosi loyera. Sindinaganize kuti bokosi lotseka losazizira, m'nyumba ya malata, mu Okutobala, limaposa ndi mtsuko womwe kuipa.

Akazi anga si munthu wodandaula. Ndinangoona kuti ayamba kumwa madzi ngati ngamira za m'mabuku a kumadrasa, kutuluka panja pafupipafupi, kukhala pansi akusesa. Jakisoni akubaya monga mwa masiku onse. Titapita kuchipatala anawayeza, namwino n'kugwedeza mutu.

“Amayi, mwayambiranso tiyi wa shuga?”

“Iyayi.”

“Mankhwala mukusunga pati?”

“Mufiliji,” ndinayankha ine monyada.

“Imazizira?”

Ndinayang'ana kudenga. Namwinoyo anati mankhwala amenewa akakhalitsa potentha amatha mphamvu, munthu n'kumangodzibaya chabe. Anatipatsa ena, natiuza kuti akale aja tisagwiritsenso ntchito, ndipo tikalephera filiji tibwerere ku mtsuko. Pobwerera mu minibasi akazi anga anatsamira paphewa langa, chinthu chomwe sanachitepo pagulu chikwatiranireni. Pamenepo nthabwala zinandithera. Tinalanda nkhuku mtsuko wawo, ndipo ine ndinapita kukafuna wamagetsi weniweni.

Amene anandilozera pamsika anali mayi, wamsinkhu wa mwana wathu wa ku Joni, wovala ovolosi ndi mpango kumutu, chikwama cha zida kumbuyo kwa njinga yamoto. Anafika chakum'mawa. Nkhani inali itamveka kale, ndiye mbumba yonse inabwera kudzaonerera: alamu aakulu pampando wanga wabwino, apakati pamkeka, atelala ataima chapatali manja kumbuyo ngati woyang'anira mayeso. Mwinimbumba anasuzumira pawindo la golosale.

Mayiyo asanagwire kanthu anayang'ana waya wodutsa pamwamba pa khomo lathu, namutsatira ndi maso mpaka kumango.

“Ameneyu akupita kuti?”

“Akubwera kuno,” ndinatero.

“Iyayi bambo, ndikuti uyu akutsikira kumunsiyu.”

“Yemweyo. Akubwera kuno. Wangoyamba wakalonjera.”

Anandiyang'ana kuti aone ngati mutu wanga uli bwino. Kenako anauyenda ulendo wonsewo wapansi, ine pambuyo: kukhola, kumango, kudambo, kuchulu, chitunda. Pa mfundo iliyonse ya jumbo ankaima n'kupuma mozama. Titabwerera anali thukuta kamukamu.

Anatulutsa kachipangizo koyezera, kokhala ndi timichira tiwiri. Anayamba wayeza kugolosale, pafupi ndi mita: kanalemba 230 kapena kuyandikira pamenepo. Anabwera kwathu, nazimitsa filiji, nalowetsa timichirato mu soketi. Kanalemba pafupifupi chimodzimodzi.

Atelala anasendera pafupi. “Mwaona? Mwaona nonse? Waya wanga alibe mlandu!”

“Ndinanena ine,” anatero alamu aakulu. “Vuto ndi pakhomo pano.”

Kunena zoona, ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinakwiriradi kanthu n'kuiwala.

“Dikirani,” anatero mayiyo. “Panopa palibe chomwe chikukoka magetsi. Bambo atelala, pitani mukayatse simbi yanu. Inu akazi awo, muli ndi hotipuleti? Kaikeni madzi.”

Anapita monyinyirika. Ife maso pa kachipangizo. Manambala anatsika ngati madzi a m'chitsime mu Novembala, mpaka kunsi kwa 200. Kenako mayiyo anayatsa filiji. Hmmm. Manambala anagweranso pansi kwambiri, babu linaphethira, filiji inakakamira, inakakamira, tcha!

“Ndi imeneyotu nyimbo yake!” ndinakuwa. “Tsiku ndi tsiku!”

Mayiyo anayamba kufotokoza za voteji ndi zina zachizungu, koma ataona nkhope zathu anasintha. Anafunsa ngati tinakwerapo njinga m'njira zamchenga za kwa Kalembo. Tonse tinati eya.

“Njinga yopanda katundu mumadutsa osamva kanthu. Ikani matumba a chimanga, mchenga womwewo ukudyerani mphamvu, pofika kumapeto miyendo ilibe kanthu. Waya ndi choncho. Waya aliyense amalimbana ndi magetsi odutsamo, pang'ono. Akatalika, kulimbanako kumachuluka. Akaonda, kumachulukanso. Mfundo zopotera ndi zala izi, iliyonse ndi dzenje panjira. Ndiponso magetsi amapita ndi waya mmodzi n'kubwerera ndi mnzake, ndiye ulendo womwe tayenda uja muuwerenge kawiri.”

“Nanga foni bwanji zimatchaja?” anafunsa apakati.

“Foni ndi kathumba ka mchere. Imakoka pang'ono kwambiri, komanso tchaja imalolera ngakhale mphamvu itatsika. Filiji ikamayamba imafuna kukankhidwa kwambiri kanthawi kochepa, kuposa ikamayenda. Ikapanda kupeza mphamvu imeneyo, injini yake imalephera kuzungulira, imangotentha. Kulira kwa tcha kuja ndi kachitetezo kake kakuidula kuti isapse. Mukapitiriza chonchi tsiku lina idzapsa ndithu.”

Ine ndinati ndipezerepo mwayi. “Ndiye kuti akuluakuluwa amamwa magetsi onse, ife n'kutisiyira zotsukira mbale?”

“Osati choncho, bambo. Sakutha ngati madzi mumtsuko. Koma zonse zomwe nyumba zitatuzi zikukoka zimadutsa mu waya mmodzi yemweyu kuchokera kugolosale. Katundu akachuluka, mphamvu yokankha imathera mu waya momwemo, ndipo wotsiriza ndiye amalandira yotsika kuposa onse.”

“Imathera mu waya n'kupita kuti?” anafunsa alamu aakulu, mokayika ngati akufunsa wakuba.

Mayiyo anawatengera pomwe waya amatsika pa nsungwi, nawauza kuti agwire pa chikopa chake, patali ndi mfundo. Anagwira, n'kuchotsa dzanja msanga. Anali wofunda. Pafupi pomwepo jumbo la mfundo ina linali litakwinyika, lakuda, lonunkha.

“Imasanduka kutentha. Ndipo mita imawerenga zonsezo. Mayunitsi ena mumagulira kuwothetsa mbalame zotera pawayayu. Tsiku lina mfundo ngati iyi idzayatsa udzu wa khola.”

Mwinimbumba atamva za mayunitsi anatuluka m'golosale kwa nthawi yoyamba.

Pamenepo m'malo moti tithokoze, panabuka mkangano. Alamu aakulu anati olakwa ndi atelala ndi simbi yawo. Atelala anati simbi ndiyo imadyetsa banja lawo, olakwa ndi hotipuleti. Apakati anati kodi iwo okha ndiye aziphikira nkhuni mpaka imfa? Wina anati tigawane nthawi, simbi m'mawa, hotipuleti masana, filiji madzulo, ngati kuti mankhwala angauzidwe kuti dikirani nthawi yanu. Mayi wamagetsi anati chilungamo chake nyumba iliyonse ikalembetse mita yakeyake, ndipo waya wa masipikayu achoke yense. Koma poti zimenezo zimatenga nthawi, chofulumira n'chakuti atenge waya wonenepa, wa kopa weniweni, wokhala ndi wa efi woteteza munthu kugwidwa ndi magetsi, amuike mu paipi, achokere pa bokosi la kugolosale ndi buleka yakeyake yodula magetsi pakavuta, alowe kwathu mwachindunji. Anatambasula dzanja kuloza mpata wa pakati pa makoma awiriwo. Mbuzi ikanaudumpha.

“Ngwamba!” anatero alamu aakulu. Akakwiya Chichewa chimawathawa, ngakhale iyayi amamunena m'chinenero cha makolo awo. “Ndiye kuti wamng'ono adye ine ndisanasambe m'manja? Mawa mudzati mbuzi ya Idi iyambirenso kuno poti ndi pafupi ndi mpeni.”

“Alamu,” ndinatero, “magetsi alibe mwambo. Sanavinidwe.”

“Inunso simunavinidwe kuno. Khalani chete.”

Ndinatsekula pakamwa kuti ndiyankhe zomwe zikanandithamangitsa pamudzi ndi chikwama chimodzi, koma kumbuyo kwathu kunamveka kapu ikugwa. Akazi anga anali atakhala pakhonde chotsamira khoma. Ankafuna kutunga madzi m'ndowa, kapu n'kuwapulumuka. Sanakomoke iyayi. Anali otopa chabe, milomo youma, thupi lisanabwerere chichokereni kuchipatala kuja. Anaitola okha kapuyo n'kunena kuti, “Pitirizani, musandione ine.”

Alamu aakulu anawayang'anitsitsa. Muyenera kudziwa kuti amayi awo anamwalira akazi anga ali wakhanda, ndipo amene anawabereka kumbuyo, kuwaphikira phala, kuwaperekeza ku unamwali, ndi alamu aakulu omwewa. Anadzuka pampando wanga, napita pakhonde, natunga madzi, nawamwetsa okha ngati mwana.

“Iwe, wayamba liti kuonda chonchi?”

“Ndili bwino, achemwali.”

“Uli bwino chiyani, khosi ngati la nkhuku.” Anatembenukira kwa ife, nkhope itaipa. “Nonsenu mwaima apa, palibe anandiuza kuti mwanayu akudwalira filiji?”

Ine ndinali nditawauza mpaka malovu kuuma. Ndinakweza chala kuti ndikumbutse, mwinimbumba n'kundiponda phazi.

“Pamudzi pano,” anapitiriza, “chiyambire makolo, pakakhala wodwala phala limayamba kwa iye. Ngakhale mfumu ibwere, imadikira. Zimenezi mpaka ndichite kukuphunzitsani? Inu amisiri, kokani waya wanu wonenepayo. Lero lomwe.”

“Ndi zomwe ndinanena pansi pa mango paja,” ndinatero chapansipansi.

“Inu munanena za pafupi. Ine ndikunena za wodwala. N'zosiyana.” Kenako anaganiza pang'ono, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti kukubwera chinthu. “Koma amenewa ndi magetsi a wodwala. Soketi imodzi, ya filiji. Amuna ake sakudwala. Iwo adikire a mzere wawo.”

Mayi wamagetsi anayesa kunena kuti waya ameneyo angathe kunyamula nyumba yonse popanda vuto. Alamu anati sanafunse zimenezo. Mayiyo anandiyang'ana, ine n'kumukodola kuti asaonjezere, alamu angabweze mawu awo.

Pofika masana ntchito inali itatha. Paipi yoyera, yaifupi, yochokera kugolosale kulowa pakhoma lathu, soketi yatsopano pafupi ndi filiji. Mayiyo anauza atelala kuti ayatsenso simbi, apakati hotipuleti, nayeza pa soketi yatsopanoyo. Manambala anangosuntha pang'ono. Filiji inayamba kamodzi, hmmm, n'kupitiriza osatsokomola. Asanachoke anadula mfundo zonse za jumbo pa waya wakale n'kulumikiza ndi zomangira zake zenizeni, nauza mwinimbumba pamaso pa onse kuti hotipuleti ndi simbi zisayakenso pa waya ameneyo mpaka atasinthidwa, ndipo khola likapsa asadzati sananene. Atelala anabwerera ku simbi yamakala. Mpaka lero akandiona amalavula.

Mankhwala tsopano amakhala pozizira. Akazi anga thupi linabwerera, moti ayambiranso kundikalipira ndi mawu awo onse. Mita yathuyathu tinakalembetsa, tikudikirabe. Waya wautali uja mwinimbumba akuti adzasintha akakolola nandolo, ndipo nandolo wakololedwa kangapo.

Ine babu langa, wayilesi yanga ndi fani yanga zikadali pa mzere wa ulemu. Fani imazungulirako bwino masiku ano poti simbi inachoka, koma madzulo nyumba zonse zikayatsa imayambanso kuganizira. Tsiku lina lotentha kwambiri ndinagula adaputala pamsika, ndinati fani yokha ndiibise kumbuyo kwa filiji, ndani angadziwe. Ndisanamalize n'kulowetsa komwe ndinamva mawu pawindo.

“Alamu, mwayamba kudwala?”

Alamu aakulu amabwera tsiku lililonse, ati kudzazonda mng'ono wawo. Akamachoka amatsekula filiji n'kutenga chigubu chawo cha thobwa, chomwe chimakhala pashelefu yapansi, kunsi kwa kambale ka mankhwala. Ndinawafunsa ngati thobwalo nalonso likudwala. Anati likuperekeza wodwala.